Chitseko cha buluu kumbuyo kwa thabwa langa

Ku Rumphi ndinabwera motsatira mkazi wanga. Boma linamusamutsa kuchokera kwathu ku Ntcheu kuti adzaphunzitse kuno, ine n'kunyamula sowo, randa ndi matchizulo anga n'kukwera basi. Ndine kalipentala. Sukulu ndinalekezera Fomu 4, ndipo amene amandidziwa amanena kuti mtima wanga sutenga nthawi kuwira. Sindikana.

Malo a m'mbali mwa msewu onse anali ndi eni ake kale. Ine shedi yanga inali kuseri kwa nyumba, kumene ankandiona ndi nkhuku zokha. Ungapange tebulo labwino bwanji, ngati lili kuseri kwa bafa, amalidziwa ndi ndani? Ndiye mkazi wanga ndi amene anandikakamiza kuti ndiziika ntchito yanga pa intaneti, pa sitetasi ya pafoni ndi patsamba limene ananditsegulira.

Chithunzi choyamba chinali cha kabati yomalizidwa, yopakidwa vanishi. Pansi pake ndinalemba kuti, "Ntchito ya mmisiri weniweni." Mkazi wanga atachiona anandibwezera foni ngati yamutentha.

"Abambo, chotsani ichi. Mwabwera dzulodzuloli, lero mukuuza eni dera kuti iwo si enieni?"

"Ndanama pati?"

"Simunaname. Koma kuno munthu wodzichemerera amangomuyankha kuti yewo, zikomo yawo ija, n'kukagula kwina. Musamanene kuti ndinu katswiri. Muzionetsa zimene manja akuchita, ntchito isanathe. Anthu aziona okha."

Ndinanyinyirika, koma ndinayesa. Ndinayamba kujambula tinthu tating'ono: mmene ndikugobera bowo la mwendo wa mpando, mmene ndikuthinitsira matabwa opaka guluu, ndi mzere umodzi wonena chimene ndikuchita ndi chifukwa chake. Sitetasi imazimiririka yokha pakatha tsiku, ndiye zimene ndinkafuna kuti zikhalitse ndinkaziikanso patsamba. Poyamba ankaziona anali aphunzitsi anzake a mkazi wanga basi. Kenako wina anafunsa chifukwa chimene sindikhomera misomali m'miyendo, ndinamuyankha. Wina wa ku Thazima anafuna shelefu. Pamapeto pake mayi wina amene ali ndi kaloji panjira ya ku Kazuni anandilembera kuti wakhala akuona ntchito yanga, akufuna tebulo lalitali la mbawa lodyerapo alendo, lifike nyengo ya alendo isanayambe. Ntchito yaikulu chonchi ndinali ndisanaigwirepo kuno.

Koma ine makina opalira matabwa ndilibe. Matabwa a tebulo lalitali choncho, kuti afanane kunenepa, randa yapamanja ingakuthere mwezi. Makina anali kwa mdala wina wa Chitumbuka pafupi ndi msika, amene amagulitsanso matabwa. Akalipentala tonse timapalitsa kumeneko. Ine ndinkawatchula kuti adada, monga aliyense. Shedi yawo ili ndi chitseko chachikulu cha malata chopakidwa penti ya buluu, ndipo palibe munthu wa pa boma pano amene sachidziwa.

Matabwa a tebulolo sindinagule kwa iwo. Ndinagula kwa munthu wina wocheka ku Henga, n'kupita nawo kwa adadawo kukapalitsa theka loyamba. Nditabwerera kukawatenga, ndinapeza limodzi litapotoka ngati lilime la ng'ombe. Linali lisanaume mkati. Pompo ndinaganiza kuti ichi ndicho chimene mkazi wanga amanena: onetsa ndi zovuta zomwe. Ndinaligoneka pabenchi panja paja, n'kujambula kavidiyo ndikuligwedeza, mbali ina ikudzuka. Ndinalemba kuti, "Ili silinaume, lapotoka. Patebulo la kasitomala silipita. Ndifuna lina." Ndinaika pa sitetasi ndi patsamba, n'kubwerera kunyumba ndikudziona ngati munthu wodzichepetsa kwambiri mu Rumphi yense.

Chitseko cha buluu chinali kumbuyo kwa thabwalo, chodzaza theka la chithunzi. Ine sindinachione. Maso anga anali pa thabwa.

M'mawa mwake foni inayamba kulira ndisanamwe tiyi. Munthu wina anali atatenga kavidiyoko n'kukaponya pagulu la pafoni la amalonda a pamsika, limene inenso ndilimo. Pansi pake analemba kuti, "Kani matabwa a pachitseko cha buluu ndi aawisi?" Wina anawonjezera kuti n'chifukwa chake chitseko cha bafa lake sichitsekeka. Wina, kalipentala mnzanga, analemba kuti, "Alendo abwera kudzatiphunzitsa kuumitsa matabwa. Tawonga chomene, asambizi." M'Chitumbuka ndiye kuti zikomo kwambiri, aphunzitsi. Pansi pake tinkhope toseka tinangoti mbwee.

Ndinalemba yankho lalitali. Munali mawu akuti nsanje, munali mipando yake ya mnzangayo imene imagwedera isanachoke pashedi, munalinso zina zimene sindingalembe pano. Chala chili pafupi kutumiza, mkazi wanga anagwira dzanja langa.

"Werengani mokweza kaye."

"Ndisiye."

"Werengani. Mayi a ku Kazuni aja akumva."

"Sali pagulupo."

"Kavidiyo kanu kanafika bwanji pagulupo? Munakaponyapo ndinu?"

Ndinaponya foni pampando. Anaitola, n'kufufuta zonse ndinalembazo, n'kuiika m'thumba la shati langa. Ananyamula mabuku ake, atafika pakhomo anatembenuka.

"Anthu a pagulu asiyeni. Amene mwamuyalutsa ndi mmodzi, ndipo matabwa anu otsala ali m'shedi mwake."

Ndili m'njira uthenga unabwera wochokera kwa mayi a kuloji aja. Anangofunsa kuti, "Ndaona thabwa lopotoka lija. Tebulo lifika pa nthawi yake?" Sindinayankhe, chifukwa yankho linali kuseri kwa chitseko cha buluu.

Ndinapeza makina akulira, adada akukankha thabwa la munthu wina. Matabwa anga osapala anali atatulutsidwa, ataunjikidwa panja padzuwa, m'mphepete mwa ngalande. Mbawa ukaisiya padzuwa choncho imang'ambika kumapeto. Ndinapereka moni. Sanayankhe mpaka atamaliza thabwa lija, n'kuzimitsa makina, n'kudziphumuntha utuchi m'manja.

"Mwabwera, ajambuli a ku Ntcheu."

"Adada, matabwa anga akutani padzuwa?"

"Akuuma. Paja kuno zinthu n'zaziwisi."

Anthu awiri amene ankadikira matabwa awo anaseka. Ndinafinya chibakera m'thumba mpaka zikhadabo kundilowa.

"Ine sindinanene kuti thabwalo ndi lanu. Onani zimene ndinalemba. Dzina lanu lili pati?"

"Dzina langa ndi chitseko icho," anatero akuloza. "Mwana wanga ali ku Mzuzu, wandiimbira m'mawa kufunsa kuti adada mwayamba liti kugulitsa matabwa aawisi. Munthu amene ankafuna matabwa a denga wati ayambe waganiza. Inu mwaoneka wosamala chomene, ine ndaoneka wakuba. Munandifunsa musanajambule pakhomo panga?"

Sananame. Sindinawafunse. Komabe pakamwa panga panatuluka kuti, "Ndiye ndichotsa."

"Muchotse chiyani? Chili m'mafoni a msika wonse. Mukachotsa, anena kuti mdala wamuopseza."

Zinali zoona. Sitetasi ikanazimiririka yokha, za patsamba ndikanatha kufufuta, koma kavidiyo ka pagulu kanaponyedwa ndi munthu wina, ndipo aliyense anali nako kale.

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani? Ndigwade?"

"Tengani matabwa anu. Makina aliponso ku Mzuzu."

Kupita ku Mzuzu kunali kutaya ntchito yonse. Ndinayang'ana mulu uja padzuwa. Ndikanatha kukuwa, ndipo mawu anali atafika kale pamano. M'malomwake ndinawerama n'kuyamba kusamutsa matabwawo limodzilimodzi kupita pamthunzi wa khoma. Sindikudziwa kuti ndinachitiranji, mwina kuti manja akhale ndi chogwira china osati munthu. Adada ankangondiyang'ana. Nditamaliza, mtima unali utatsikako pang'ono.

"Adada, thabwa lopotokalo ndinagula ku Henga. Zimenezo ndinazisiya polemba, ndipo ndiye zavuta. Ndiloleni ndijambulenso pompano, ndinene zimenezo. Ndionetse ndi mmene inu mumaumitsira anu. Musanavomere sinditumiza."

Adada anandilowetsa mkati, kumbuyo kwa makina, kumene ndinali ndisanafikeko. Matabwa awo anali atasanjidwa pamthunzi, pakati pa thabwa ndi thabwa pali timitengo kuti mpweya uzidutsa, kumapeto kwake atapaka penti kuti asang'ambike.

"Mujambule izi. Nkhope yanga ayi. Ine sindine woimba."

Ndinajambula mulu uja, ndi manja awo okha akusolola thabwa limodzi n'kuliyang'ana m'mphepete. Mawu tinakangana. Ine ndinalemba kuti matabwa awo ndi abwino kuposa onse mu Rumphi. Anapukusa mutu.

"Dzulo mwandiyalutsa, lero mukufuna mundiyambanitse ndi anzanga ogulitsa. Lembani zimene zachitika basi."

Ndiye ndinalemba kuti thabwa lopotoka la dzulo ndinabwera nalo ndekha kuchokera kwina, kuno linangobwera kudzapalidwa, ndipo ndinajambula pakhomo pa eni osapempha. Ndinawonjezera kuti lolowa m'malo mwake ndikutenga pamulu uwu, ndipo timitengo timeneti ndi timene timathandiza kuti thabwa liume lowongoka. Ndinawawerengera mokweza kawiri. Anandiuza kuti ndiike paliponse pamene panafika koyamba kaja, makamaka pagulu, moyankha kavidiyo kakale kuti anthu aone ziwirizo pamodzi. Ndinatero iwo akuona.

Matabwa anga sanawapale tsiku limenelo. Anati ndibwere mawa, aone kaye mmene anthu alandirire. Ndinabwerera kunyumba. Pagulu kalipentala mnzanga uja analemba kuti, "Asambizi alowa kalasi." Ndinawerenga, ndinalemba yankho, ndinafufuta ndekha. Koma wina anafunsa kuti timitengoto timakhala motalikirana bwanji, ndipo amene anamuyankha anali adada, ndi uthenga wa mawu, m'Chitumbuka, wautali kuposa vidiyo yanga.

Kutacha ndinapeza matabwa anga ali mkati, awiri atapalidwa kale. Sanatchule za dzulo. Anangoti ndigwire kumapeto, thabwa n'lolemera. Tili mkati mopala ndinawayankha mayi a ku Kazuni kuti tebulo lifika, ndipo linafikadi, pa lole yonyamula simenti, litakulungidwa m'mabulangete a mkazi wanga.

Ndimaikabe ntchito yanga pafoni. Ndisanatumize ndimayang'ana m'makona onse a chithunzi. Adada mpaka lero amanditchula kuti ajambuli, ndipo ndikangotulutsa foni m'shedi mwawo amazimitsa makina n'kundifunsa kuti lero ndikufuna kuyalutsa ndani.