Manotsi a Mnzanga ndi Chingwe Choyanikapo Zovala

Ndili mphunzitsi ku Chinyunyu, ndinkachitanso digiri ya fizikisi ndili pakhomo. M'chaka chachiwiri ndinadwala, ndipo mphunzitsi mnzanga, amene ankachitanso digiri yomweyo ndipo tinkalimbirana naye udindo kusukulu, anandikopera manotsi ndi dzanja lake. Ulemu umenewo unandikayikitsa.

Manotsiwo anatsirizira pa v² = μ/T, pomwe v ndi liwiro la funde pachingwe, T ndi mphamvu yokungira chingwe, ndipo μ ndi kulemera kwa mita imodzi ya chingwecho. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumenya chingwe choyanikapo zovala. Nditachikunga kwambiri, funde linathamanga koposa, pamene manotsi ankati lichedwe.

Ndinayambanso ndekha. Ndinajambula kachidutswa ka chingwe kotalika dx. T ndi imodzimodzi kumbali zonse ziwiri, koma kupendekeka kwa chingwe kumasiyana. Chingwe chikapendekeka pang'ono chabe, mphamvu yokokera m'mwamba kapena pansi ndi T kuchulukitsa ndi ∂y/∂x, komwe ndi kupendekekako. Kuchotsera mbali imodzi ku inzake kumasiya T(∂²y/∂x²)dx. Mwa F = ma, imeneyi ifanana ndi μdx(∂²y/∂t²). Nditafafaniza dx panatsala ∂²y/∂t² = (T/μ)∂²y/∂x², kutanthauza kuti v² = T/μ, popeza m'lamulo la mafunde pamalo pa T/μ pamakhala v².

M'mawa mwake ndinamuonetsa mnzangayo kusukulu.

"Pepani aphunzitsi, linaterereka ndi dzanja," anatero akuseka.

Atatuluka kukaliza belu, ndinatsegula buku lake la manotsi kuti ndifananitse ndi anga. M'buku lakemo T inali pamwamba. M'manotsi anga dzanjalo linali litaterereka katatu, pamalo onse pomwe mayeso amafunsa.