A Goliati sanali wotsika

A Goliati anagwirapo ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ku Balaka, ndipo kumeneko anatolako zinthu ziwiri: kapenshoni ndi khosi louma. Ankaona bwana wawo atakhala kumbuyo kwa galimoto, kukamwa kuli tsekee, dalaivala n'kumadziwa yekha poima. Iwo anangoti ukulu ndi womwewo, kukhala chete ena azikuyankhulira. Atapuma ntchito anabwera kudzakhala pa Ulongwe. Galimoto analibe, njinga yawo inalibe ndi mabuleki omwe, koma jekete yakuda ndi khosi lija anabwera nazo.

Ine ndine Zaina, nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo. Ndimagulitsa usipa mumsika wa Balaka, choncho minibasi ndi munda wanga. Bambo ameneyu ndakwera naye kambirimbiri, ndipo ndinene poyera kuti sindinamukondepo.

Mu minibasi mumafunika timawu tochepa, toti ngakhale mwana amatidziwa. Ukalowa umati, "Tasunthani pang'ono." Ukakhala kumbuyo, ndalama umapatsira wa kutsogolo kwako n'kutchula kumene ukupita: "Tandipatsirani, mmodzi, Balaka." Malo ako akayandikira umakuwa kuti, "Wotsika!" kondakitala n'kumenya chitseko kuti dalaivala aime. Ukaponda pansi umati, "Zikomo akondakitala." Basi. Timawu timeneti a Goliati ankati n'ta anthu wamba.

Kamene ankadana nako kwambiri ndi ka "wotsika." Tsiku lina akucheza pa khonde la golosale ndinawamva akuuza anzawo kuti, "Ine ndidzitchule ndekha wotsika, pagulu? Wotsika ndi mtengo wa tomato. Ine ndinanyamulapo makalata a ma bwana." Za zikomo ankati, "Ndalipira kale, ndithokozenso chiyani? Wandinyamula pamsana?"

Nanga ankayenda bwanji? Anali ndi pakamwa pobwereka, akazi awo a Nelia. Mayi wamfupi, wofatsa, wa kwaya ku tchalitchi. Kuyambira ali mtsikana mpaka imvi kumera, a Nelia ndiwo ankayankhula pa ulendo uliwonse. Iwo ndiwo ankati, "Pepani achimwene, tasunthirani uko, abambo akhale ku windo." Iwo ndiwo ankamasula mfundo ya chitenje n'kunena kuti, "Nazi akondakitala, za awiri." Iwo ndiwo ankayang'anira njira, kukuwa "wotsika," n'kuthokoza kawiri, kamodzi ka iwo eni, kamodzi ka bwana wawo amene panthawiyo amakhala ali patsogolo akukonza kolala. Makondakitala a msewu wathu anawazolowera moti anawapatsa dzina loti Mayi Za-awiri.

Chaka chatha m'nyengo yozizira a Nelia anadwala chifuwa mpaka mawu anasasa. Tsiku lokatenga penshoni a Goliati anawakokabe kuti awaperekeze. Pofika ku Balaka, pa malo amene a Goliati ankakonda kutsikira pafupi ndi banki, mayi aja anayesa kukuwa koma panangotuluka mpweya. Minibasi inapitirira pang'ono, mtunda woti nkhuku itha kuyenda osapumira. Apo ndi pamene tinamva mawu a a Goliati mu minibasi koyamba.

"Kodi iwe, ntchito yako ndi chiyani? Ndimakutengera chiyani pa ulendo?"

A Nelia anatsika, n'kunong'oneza zikomo wawo kwa kondakitala, n'kutsatira amuna awo. Mlungu womwewo anamanga katundu wawo n'kupita kwawo, kwa mlongo wawo a Pitala.

Kwawoko ndi m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Balaka, pamalo pamene anthu amangopatchula kuti pa Mjigo. Si siteji ayi. Pali mjigo, mlambe ndi kanjira kolowera kumudzi, ndipo minibasi siima pokhapokha wina atanena. A Goliati anapitako maulendo osawerengeka, ku maliro ndi ku maukwati, koma nthawi zonse wokuwa anali nawo pambali.

Pakhomo panayamba kuoneka. Jekete inachita makwinya, bambo ankadya mbatata zootcha ngati mlonda. Ankhoswe a mbali zonse anayenda, ndipo nkhani inagona poti a Goliati apite okha Loweruka m'mawa, akanene "pepani" pamaso pa a Pitala, akatenge mkazi wawo. A Nelia, mtima wawo wa kwayawo, anavomera. Anatumiza ndi uthenga womwe kuti akawadikira pamsewu. Pa Ulongwe nkhani sigona, tonse tinkadziwa kuti banja la zaka zonsezo latsamira pa ulendo umodzi umenewu.

Loweruka lija ndinakwera nawo minibasi imodzi, ya kondakitala wina dzina lake Sufiyani. Mpando wa kutsogolo, umene a Nelia ankawapemphera, unali ndi anthu kale. Sufiyani anati, "Madala, kumbuyo kuli malo amodzi, pitani mkati." A Goliati anaima pa chitseko kudikira kuti wina awakonzere njira. Palibe anasuntha, poti palibe anapemphedwa. Mapeto ake anadzipanikiza okha, kuponda mapazi a anthu osapepesa, mpaka anakagwera pa kona ya kumbuyo kwenikweni, ku windo. Ine ndinakhala pambali pawo, dengu langa la usipa lili kuseri kwa mpando wathu, fungo lonse likuthera mu jekete yopita kukapepesa. Sindinawamvere chisoni.

Titayenda pang'ono Sufiyani anati, "Tiyeni tione za ulendo, tiyambire kumbuyoko."

Ine ndinapatsira yanga. "Tandipatsirani achimwene, mmodzi ndi dengu, Balaka."

A Goliati anatulutsa yawo n'kugwaza nayo phewa la bambo wa kutsogolo kwawo. Bamboyo anatembenuka. "Ya kuti imeneyi, akulu?" Iwo anayang'ana pa windo ngati funsolo ndi la ntchentche.

"Asiyeni amenewo, ndi a Balaka, timawadziwa," anatero Sufiyani akupinda ndalamayo pakati pa zala.

Pamenepo akanangoti "iyayi, pa Mjigo," nkhani ikanathera pomwepo. Koma iwo anangopitiriza kuyang'ana pa windo.

Tinakhota pa mphambano ya ku Liwonde n'kulunjika ku Balaka. Dalaivala anakweza wailesi. A Goliati anayamba kutekeseka. Anakonza kolala, anatsokomola kamodzi, monga ankachitira pouza a Nelia kuti nthawi yakwana. Kenaka anandiyang'ana ine ndi diso la m'mbali. Ndithu, bambo ameneyu ankayembekeza kuti ine Zaina, amene sanandipatsepo moni chisamukire pa Ulongwe, ndikhale pakamwa pake pa tsikulo. Ndinatulutsa chinangwa changa n'kuyamba kutafuna. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mlambe unaonekera patali. Sufiyani, mwa chizolowezi chake, anafunsa osatembenuka n'komwe: "Wotsika kutsogoloku?"

Yankho lake ndi liwu limodzi, "alipo." Sakanafunika ngakhale kudzitchula dzina lonyansalo. A Goliati anagogoda windo ndi chikhadabo, katatu, mwaulemu wake wa ku ofesi. Mu minibasi yakale mmene chilichonse chimagogoda chokha, ndani akanamva?

"Palibe. Tiye nayo," anatero Sufiyani.

Pansi pa mlambe panaima anthu awiri. A Pitala ndi ndodo yawo, ndi a Nelia atavala chitenje chatsopano, chikwama chawo chili pansi pafupi ndi mapazi. Mayi anali atalongedza kale, pepani asanamumve. Dalaivala powaona anayesa okwera, anachepetsa liwiro n'kuimba hutala, kenaka anakumbuka kuti wadzaza. Kanthawi kameneko kanakwanira. A Nelia anayang'ana mawindo limodzilimodzi mpaka anafika pa la kumbuyo, ndipo maso awo anakumana ndi a amuna awo. Anayamba kuwerama kuti anyamule chikwama.

Apa munthu aliyense akanakuwa, akanamenya denga, akanalira kumene. A Goliati, poona kuti agwidwa ali opanikizika pakona ngati thumba la makala, anachita chimene ankachidziwa bwino. Anawongola khosi n'kuyang'ana kutsogolo ngati bwana wodutsa pa mudzi wa eni. Ndinacheuka pa galasi la kumbuyo. A Nelia anali chiweramire, dzanja lili pa chikwama, akuyang'ana minibasi ikupita. Mtima unandiwawa chifukwa cha mayi ameneyo, ndipo bambo wa pambali panga ndinamunyoza kuposa kale lonse.

Anakatsika ku depoti ya Balaka pamodzi ndi ife tonse, poti kumeneko minibasi imaima yokha. Ndinamva kuti anabwerera masana pa njinga ya kabaza, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anapeza chikwama chitamasulidwa kale. A Pitala anawalandira pabwalo n'kuwauza kuti, "Alamu, yankho lanu taliona pa windo. Munthu wolephera kuimitsa galimoto chifukwa cha mkazi wake, pepani akamutenga kuti?" A Nelia sanatuluke m'nyumba.

Masiku ano a Goliati akadali pa Ulongwe, jekete yomweyo. Anaphunzira kunena kumene akupita, koma amanenera m'mano ngati akulavula njere. Ulendo wa penshoni amayenda okha.

Mwezi wathawu tinakweranso limodzi, ya Sufiyani yomweyo. Pa Mjigo wina anaimitsa, ndipo analowa a Nelia, atanenepako, akupita kukagulitsa nandolo. Malo anali amodzi okha, pa mpando umene anakhala a Goliati. Mayi aja anaima n'kunena mofatsa, monga angauzire munthu aliyense wa pa msewu, "Zikomo bambo, tasunthani pang'ono." A Goliati anasuntha msangamsanga mpaka kugunda mutu pa windo. Kenaka anawongola khosi, nkhope ikuwala, manja atapinda pa mimba monga kale, osakhudza n'komwe thumba la jekete. Iwo anali asanalipire, ndipo ndinaona kuti akudikira.

Sufiyani anatambasula dzanja. Mwina anaiwala, mwina ndi mwano wake wa ukondakitala, sindikudziwa.

"Za awiri, mayi?"

A Nelia anamasula mfundo ya chitenje mosafulumira.

"Iyayi mwanangu, mmodzi. Balaka."