Chingwe chimene a Chimbalanga sanamangitse

A Luckson Chimbalanga aphunzitsa Sitandade 8 pasukulu yathu kuno ku Thambani zaka khumi ndi zinayi. Ndi munthu wosamala zinthu mopitirira muyezo. Choko chotsala amachikulunga m'kapepala, njinga amaipukuta ngakhale sanaikwere. Ine ndimakonza njinga pamsika, sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma makolo anandisankha m'komiti ya sukulu, kaya chifukwa cha pakamwa pangapa.

Bungwe lina linatipatsa kabokosi ka intaneti, ka simu khadi m'kati, kodya moto wa sola. Poti kwathu kuno ndi kumapiri, anazika chitsulo chachitali kuseri kwa ofesi n'kuika eriyo pamwamba, yoloza kumene kuli nsanja ya foni. Chingwe chakuda chimatsika kuchokera pa eriyoyo, n'kulowa pawindo, n'kudzamangidwa kumbuyo kwa kabokosiko ndi kanati kakang'ono. Timagetsi tinayi ta pakabokosipo tikayaka, aphunzitsi amatsitsa mayeso akale n'kutumiza malipoti osavutika. Makiyi a ofesi amasunga awiri: a Chimbalanga ndi a Deliwe, mphunzitsi wothandizira wa Sitandade 2 amene ife a komiti tinamulemba.

Itafika Disembala, intaneti inayamba kukwawa. Kagetsi kamodzi, mwina tiwiri, nthawi zina zii. Tsamba limodzi kutseguka, munthu wapita kumjigo n'kubwerako.

A Chimbalanga anati vuto aliona: anthu achuluka pa intanetiyo, wina akugawa pasiwedi. Achimwene awo a Deliwe amakonda kukhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi, maso pafoni. A Chimbalanga anasintha pasiwedi, koma palibe chinasintha. Anati ndiye kuti a Deliwe aperekanso. Ine ndinathira mchere. Ndikawaona a Deliwe pamsika ndimakuwa, “Abwana a netiweki! Tigawireniko nafenso, ndife abale anu!” Anthu amaseka, dzina lija linakakamira.

“Ine sindinapatse munthu, bambo,” anatero a Deliwe pamsonkhano wa makolo mu Malichi. “Achimwene amabwera kudzanditenga panjinga.”

Ana a Sitandade 8 anali opanda mayeso oyeserera, makolo atakwiya. A Deliwe tinawachotsa ntchito. Dzanja loyamba kukwezedwa linali langa.

Iwo atachoka, intaneti inapitiriza kukwawa. A Chimbalanga anati ndi mitambo. Mvula inatha, mitambo inachoka, ndipo pamenepo anasiya kuyankha mafunso.

Mu Meyi bungwe lija linatumiza a Kinsley, wokonza zipangizozi, panjinga yamoto. Ndinalipo, poti ine pachitika kanthu sindiphonya. Anaona eriyo, ili chilili, yoloza koyenera. Anatsata chingwe ndi dzanja, palibe pamene khoswe analuma. Kenako anatembenuza kabokosi n'kugwira kanati kaja. Kanagwedera.

“Ichi changokoleka,” anatero. Anakapotokola katatu ndi zala. Tinadikira pang'ono, timagetsi tinayi tonse ngwee.

“Basi?” ndinafunsa.

“Basi, madala. Eriyo imagwira bwinobwino kumwambako, koma zimene yagwirazo zimathera pakhomo. Chingwe chikangokhudza, zina zimadutsa, mphepo ikachigwedeza panja zimaduka. Anamasulapo ndani?”

A Chimbalanga anakhala pampando pang'onopang'ono. Kwathu kuno ziphaliwali zikayamba timazula chingwe cha eriyo pa wayilesi ndi pa TV, aliyense amadziwa. Tsiku la mvula yoyamba iwo anathamangira ku ofesi kukapulumutsa katundu wa sukulu, n'kumasula chingwe pakabokosi. Mawa lake anabwezera chingwe mofatsa, kuopa kuthyola, anangopotokola kamodzi.

“Ndine,” anatero, mawu osamveka bwino.

Loweruka tinapalasa awiri kupita kwawo kwa a Deliwe, chakwa Kanduku. Tinawapeza akuthothola mtedza pakhonde. A Chimbalanga anavula chipewa n'kufotokoza zonse, mpaka za kanati.

“Ndiye mwabwera kudzandiuzira kuno, kumva ine ndi mbuzi?” anatero a Deliwe, manja osasiya ntchito. “Wakuba munanditcha pamaso pa makolo. Inunso akuluakulu, lero simukundipempha pasiwedi?”

Ndinayang'ana mbuzi.

Lachisanu tinaitana makolo. A Chimbalanga anaimirira atanyamula kabokosi kaja, anamasula chingwe anthu akuona timagetsi tikuzima, anachimanganso, n'kunena kuti wolakwa ndi iwo, a Deliwe sanagawe kanthu. Ine ndinati dzina lija ndinayambitsa ndine, lithe lero. Palibe anaseka, koyamba chibadwire changa.

A Deliwe anabwerera ku Sitandade 2. Makiyi a ofesi anawakana. A Chimbalanga m'mawa uliwonse amagwira kanati kaja asanalembe n'komwe m'buku la ofika. Ine njinga ya achimwene awo a Deliwe ndaikonza kawiri, koma a Deliwe akamadutsa pamsika amangoti “Mwaswera” n'kupitirira, osadikira yankho.