Dzanja la Manzere Mulisiye

Agogo ndi telala wamanzere, ndipo ali mwana ankamenyedwa ndi rula kuti azilembera kumanja. Ndiye mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka atalamula kuti mdzukulu wawo asinthe dzanja, ati akulephera kutsata madontho a zilembo, agogowo analusa, napita kusukuluko.

"Taonani pepala lanuli, aphunzitsi! Chilembo choonera mwaika kumanzere, kadzanja kake kakuchiphimba. Aonere m'chigongono?"

Agogo anadzipanikiza pakampando ka ana, natembenuza pepalalo. Anayamba ndi mizere yowongoka ndi yozungulira, kenako zilembo zikuluzikulu zamadontho, chilichonse ndi kamuvi kosonyeza poyambira. Choonera anachiika kumanja.

Mwana uja anatsata madontho mpaka pansi, lilime lili panja.

"Mwaona? Dzina lake adzalemba nthawi ikakwana," anatero agogo. "Koma dzanjali mulisiye!"