Masiku Makumi Asanu ndi Atatu a Bambo Kuzizira

Pamsewu wawo ankadziwika kuti a Kuzizira, chifukwa kwa zaka makumi awiri ankakonza mafiriji m'kachipinda kodzaza mawaya ndi mapaipi, kuseri kwa butchala. Anali munthu wosalankhulalankhula. Firiji ankayamba aimvetsera kaye, khutu atagunditsa pachitseko, asanagwire sipanala. Akazi awo ankati, "Mukanandimvetsera ine chonchi, bwenzi banja lino lili patali."

Tsiku lina apolisi anapeza pamalopo firiji yobedwa kusitolo ina. Anaibweretsa ndi kasitomala amene sanabwerenso. A Kuzizira anaimbidwa mlandu wolandira katundu wakuba. Anakaonekera kukhoti kamodzi, belo inakanidwa poti apolisi ankafufuzabe, ndipo anawatumiza kundende kukadikira mlandu. Kenako kunangoti zii.

Patapita milungu isanu ndi iwiri, loya wina wothandiza osauka, mayi wamagalasi wolankhula mwachangu, anafika kundendeko ndi mulu wa mafayilo.

"Bambo, mlandu wanu unayamba kuzengedwa?"

"Ayi, mayi. Ndimangomva kuti mawa."

Loya anawerenga masiku pakalendala ya m'foni. "Pa mlandu ngati uwu lamulo limalola kusunga munthu masiku makumi atatu mlandu usanayambe. Boma likafuna ena, liyenera kupempha khoti masikuwo asanathe. Silinapemphe. Tikapemphanso belo."

"Ndiye kuti mlandu watha?"

"Ayi, musasokoneze. Mlandu ulipo. Kungoti muziuyankha mukuchokera kunyumba."

Analemba pempho ndi chikalata cholumbira, nafotokoza zifukwa: nthawi yololedwa yadutsa, mkuluyu ali ndi nyumba ndi ntchito yodziwika, sanapalamulepo, firijiyo ili kale m'manja mwa apolisi, ndipo mapiritsi a kuthamanga kwa magazi sakuwapeza bwino mkatimo. Kope lina anakapereka kwa woimira boma. Chinatsala ndi anthu awiri owaimira, olonjeza khoti kuti a Kuzizira sadzathawa. Mlongo wawo, mphunzitsi, anavomera pomwepo. Wachiwiri anavuta. Mkazi wa a Kuzizira anagogoda makomo anayi, aliyense n'kumati aganize kaye. Potsiriza anavomera ndi alamu awo, mchimwene wa mkaziyo, woyendetsa basi amene sankamwerana madzi ndi a Kuzizira chikanganirane pamaliro ena.

"Sindikuchitira iwowo," alamuwo anauza mkazi wa a Kuzizira. "Ndatopa kukuona ukuonda."

Tsiku la pempho, a Kuzizira anaima m'bokosi la oimbidwa mlandu, buluku atamanga ndi kachingwe. Loya anawerenga zifukwa, kenako zimene a Kuzizira akulonjeza: azikasaina kupolisi Lolemba lililonse, azikhala panyumba pawo pomwepo, asatuluke mumzinda popanda chilolezo, asalankhule ndi mboni za boma. Pasipoti analibe.

Woimira boma anadzuka. "Bwana, tikupempha milungu iwiri. Wapolisi wofufuza anasamutsidwa, fayilo sinatipeze."

"Munapempha kuwonjezera masiku?" anafunsa majisitireti.

"Ayi, bwana."

"Muli ndi umboni woti angathawe, kapena kusokoneza mboni?"

Woimira boma anatembenuza mapepala, n'kunena kuti alibe.

Majisitireti analemba nthawi yaitali. A Kuzizira ankangoyang'ana cholembera chikuyenda.

"Lero ndi tsiku la makumi asanu ndi atatu," anatero majisitireti. "Fayilo ikasochera, wolipira asakhale munthu wosagamulidwa. Belo ndapereka pa mfundo zatchulidwazi. Mlandu uyambe pa 14 mwezi wamawa. Mukaphwanya imodzi, bambo, mubwerera komwe mwachokera. Mwamva?"

"Ndamva, bwana," anayankha a Kuzizira.

Owaimira anaitanidwa ndi ziphaso zawo. Majisitireti anafunsa alamu aja ngati akudziwa kuti munthuyu akathawa, chikole chimene akusainiracho chidzawagwera iwo.

"Awawa kuthawa, bwana? Ngakhale basi yoima amaiphonya."

M'khoti anthu anaseka, majisitireti nabisa kamwa ndi dzanja.

Kusaina kunatenga mpaka masana, ndipo a Kuzizira anayenera kubwerera kaye kundende kuti chikalata chowatulutsa chikadindidwe. Chipata chinatseguka cha m'ma folo koloko. Anatuluka ndi jumbo ya zovala, anaima, n'kuyang'ana kumbuyo ngati wina awaitana. Palibe anaitana. Mkazi wawo anawalanda jumboyo, nawagwira pamkono, misozi ili mbwe.

"Alamu," anatero a Kuzizira, "sindikudziwa ndinene chiyani."

"Musanene kanthu. Kwerani, ndasiya basi pamalo oletsedwa."

Lolemba lotsatira analawirira kupolisi atavala shati yosita. Anadikira pabenchi, anasaina m'buku, nabweza cholembera.

"Basi?" anafunsa.

"Basi, bambo. Tionana sabata yamawa."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono. Mlandu unali ukubwerabe, ndipo ankaudziwa kulemera kwake. Koma m'thumba munali makiyi a kachipinda kawo, ndipo anaganiza zoyenda pansi ulendo wonsewo, kudzera njira yaitali.