Nkhuku ya Azakhali Sinalowe m'Sewero

Ndikakumbukira agogo aamuna, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la oyilo wa makina osokera losakanikirana ndi utsi wa simbi ya makala, pakhonde la golosale pa Nsaru pomwe ankakhala tsiku lonse akupalasa makina, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu, akukangana ndi aliyense wodutsa za mpira womwe iwo sanaumenyepo n'kamodzi komwe.

Ndili Fomu 2, aphunzitsi anati tilembe sewero la mphindi khumi ndi zisanu loti tidzachite potsekera sukulu, makolo akuonerera. Ine sindinavutike n'kupeka. Ndinangotenga nkhani ya azakhali anga, mwana wa agogowo, omwe atatopa ndi kumenyedwa anathawa ku chitengwa, kwawo kwa mwamuna, n'kuyenda wapansi kuchokera ku Kabudula, mwana kumsana, nkhuku yawo m'khwapa. Ndinasintha maina okha, basi n'kudziona katswiri.

Agogo anawerenga kope langalo magalasi ali pamphuno, osafulumira. Atamaliza anandifunsa, "Kodi mayi wothawayu ndani?"

"Ndi Esinati, agogo. Wongopeka."

"Esinati wa ana atatu, wokwatiwa ndi kalipentala wachibwibwi wa ku Kabudula? Mdzukulu, iwe wangomuveka mpango mwana wanga. Nkhope ili pamtunda."

Manyazi anandigwira, komanso ndinapsa mtima, poti ine kudzudzulidwa sindikukonda mpaka lero. Koma ankanena zoona. Azakhali anali atakwatiwanso, akukhala mwamtendere pafupi pomwepo, ndipo ana awo awiri ankaphunzira pasukulu yomweyo. Akanazindikirika, anawo akanasekedwa mpaka kuleka sukulu.

Tinakhala masana atatu, iwo akusoka, ine ndikufufuta. Kalipentala anasanduka wogula mtedza, chibwibwi chinachoka. Ana atatu anatsala mmodzi. Ankhoswe awiri amene anakana kumva madandaulo a azakhali tinawaphatikiza kukhala munthu mmodzi, kuti pasapezeke woloza chala kuti uyu ndi uje. Mudzi tinaupatsa dzina lomwe kulibe, ndipo ulendo wa m'dzinja unakhala wa m'chilimwe. Mfunda, dzina la mtundu lomwe amayi amaitanidwa nalo kwathu, ndinali nditausiya momwemo osadziwa. Agogo anaudula ndi choko chawo n'kunena kuti, "Dzina la ubatizo amalidziwa ndani? Kuno munthu ndi mfunda."

Ndinadandaula kuti tikasintha zonse sitsalanso nkhani yoona. Iwo anati, "Mantha ake usiye momwemo. Ankhoswe kumubweza kawiri, usiye. Kunyamuka kwake usiye. Zinazo ndi mabatani."

Pa nkhuku pokha ndinakakamira, chifukwa ndi pomwe anthu akanaseka. Agogo sanalimbane nane. Anangoti, "Nkhaniyi si yanga, si yako. Kawawerengere eni ake. Akakana, ung'ambe."

Ndinawapeza azakhali akusenda mtedza kuseri kwa nyumba, ali okha. Ndinawawerengera sewero lija. Anamvetsera osadukiza, manja akugwirabe ntchito, mpaka nditafika pa nkhuku. Apo anasiya kusenda.

"Nkhukuyo uchotse," anatero. "Chaka chathunthu anthu ankati akandiona pachigayo amalira ngati nkhuku. Ukaitulutsa, watchula dzina langa. Zinazo chitani, mwina wina angamve. Koma walemba kuti ndinkalira panjira. Sindinalire ine, ndinkaimba nyimbo ya kutchalitchi kuti mwana asadzuke."

Ndinabwerera nditataya nkhuku yanga, koma nditapeza nyimbo. Anzanga ochita nawo sewero sindinawauze komwe nkhani inachokera, ngakhale aphunzitsi.

Tsikulo azakhali anabwera, n'kukhala pakati pa amayi anzawo pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali kuseri kwa nsalu yomwe agogo anatisokera, ndikusuzumira. Esinati atanyamula mwana n'kuyamba kuimba, maso onse anali pa iye. Palibe anatembenuka kuyang'ana azakhali.

Pobwerera ndinkayenda pambuyo pawo. Mayi wina anawagwira mkono n'kunena, "Anzanga, nkhani ija ndi ya mng'ono wanga wa ku Nambuma yeniyeni. Anawa anawauza ndani?"

"Eti?" anayankha azakhali. "Nanga iyeyo ali bwanji pano?"

"Akadali komweko kwa mwamunayo."

"Mukamuuze kuti njira imayendeka."

Agogo anamwalira kalekale, ndipo ndimawasowa, makamaka ndikagwira cholembera. Azakhali alipo, ndipo nkhani ino ndinakawawerengera ndisanaitumize kokasindikiza. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundilola. Koma inu a ku Nsaru amene mwayamba kale kuwerengera zala kuti telalayo anali ndani, musadzivute. Agogo sanali telala, kwathu si ku Nsaru, ndipo chomwe azakhali ananyamula m'khwapa tsiku lija sichinali nkhuku.