Mayi Hanifa ndi mawu a pa ukwati wa Shamima

Pa Lirangwe, kuseri kwa malo amene maminibasi amaima, pali kashopu ka Mayi Hanifa Majid. Anayamba ndi taipi, akulembera anthu makalata ofunsira ntchito. Lero ali ndi kompyuta ndi makina osindikizira, ndipo zala zawo sizinaiwale liwiro lakale. Ena amati ntchito yawo ndi kukopera chabe. Ine ndimatsutsa, ndipo umboni wanga ndi zimene ndinaona Loweruka lina nditapita kukasindikiza mapepala.

Bambo Useni, ogulitsa nandolo ku Kuntaja, anasiya kumva zaka zisanu zapitazo atadwala. Amayankhula bwinobwino komanso amawerenga. Pa ukwati wa mwana wawo Shamima anaona milomo ikugwedera ndi anthu akupukuta misozi, koma zimene mwanayo ananena kwa iwo sanazimve. Greyson, wojambula mavidiyo, analemba mawu onse pansi pa kanema, natumiza zithunzi zake pa foni kuti abale aone ngati mayina ali bwino. Kenako kompyuta yake inafa. Chimene chinatsala ndi kanema wosakonza wa m'kamera, wopanda malemba, momwe jenereta inkamveka kuposa anthu, ndi zithunzi 214 za pa foni zija. Izi ndi zimene abale anapita nazo kwa Mayi Hanifa kuti abwezeretse mawu pa kanemayo.

Chithunzi chilichonse chinali ndi mawu pansi, ndi nthawi ya kanema pakona. Mayi Hanifa anayamba ndi kuzisanja motsatira nthawiyo, pakuti foni inali itazisakaniza. Kenako, kwa masiku atatu, ankalemba nambala ya mzere, pansi pake nthawi yoonekera ndi yochokera, pansi pake mawu, n'kusiya mzere wopanda kanthu. Chithunzi chimangosonyeza kamphindi kamodzi, osati pamene munthu anayamba kapena kumaliza kuyankhula, choncho nthawi yochokera ankaiyerekeza poona kutalika kwa mawu ndi nthawi ya chithunzi chotsatira. Fayilo anaipatsa dzina lofanana ndi la kanema, lothera ndi .srt, kuti ziwirizi zitsegukire pamodzi.

Loweruka lija, asanayese n'komwe fayiloyo, Bambo Useni anatulukira ndi mlongo wawo, Mayi Safia.

"Sindinamalize," Mayi Hanifa anawalembera papepala.

"Ndadikira miyezi inayi, mayi," anayankha Bambo Useni mokweza. "Yatsani chomwecho."

Kanema anayamba. Posakhalitsa Mayi Safia anaoneka akuloza mkwati ndi chala, nkhope ili gwa, koma pansi panalembedwa kuti: Ana anga, kufatsa ndi chuma.

Bambo Useni anaseka mpaka kofia inagwa.

"Achemwali, inu munayamba liti kulalikira kufatsa? Mawu otere ndi a Shehe amene anamangitsa ukwati. Inu munabadwa mukukalipa."

"Auzeni kuti ndiwakalipiradi lero," anatero Mayi Safia, nawonso akuseka. "Lembani zimenezo, mayi, ndi zilembo zazikulu."

Mayi Hanifa sanalembe. Anaimitsa kanema pamene Mayi Safia anakweza chala, nayang'ana nthawi: mphindi 12 ndi masekondi 10. Anafufuza chithunzi cha malo omwewo pa foni: mphindi 12 ndi masekondi 50. Anayesanso cha kumapeto, kusiyana kunali komweko. Anaimbira Greyson.

"Achimwene, kanema wanu wokonza uja ankayamba ndi chiyani?"

"Ndi zithunzi za akwati ndi maluwa, mayi. Kanthu kochepa."

"Kochepa ka masekondi 40. Kasandutsa Mayi Safia kukhala Shehe."

Anachotsa masekondi 40 pa nthawi zonse za mufayilo. Kenako anavala zomvera m'makutu, nayamba kumvetsera mzere ndi mzere, osati mawu enieniwo, amene jenereta inawameza, koma pamene liwu likuyamba ndi pamene likutha, n'kumasuntha nthawi pang'onopang'ono. Apa ndi pamene ndimafunsa otsutsa aja: wokopera chabe akanadziwa bwanji kuti mawu olondola, akaikidwa pakamwa pa munthu wina, asanduka bodza?

Zinatenga maola awiri. Mayi Safia anakagula chinangwa chophika, tonse tinadya.

Mayi Hanifa atayatsanso kanema, Shamima anaoneka atagwada patsogolo pa bambo ake. Milomo yake itangotseguka, mawu anabwera pansi: Ababa, munkandinyamula pa njinga kupita kusukulu ngakhale mvula ikugwa. Atakhala chete kuti apume, mawu anachoka. Atayambanso, anabwera ena: Simukundimva, koma ndikudziwa kuti tsiku lina mudzawerenga.

Bambo Useni anasendeza mpando pafupi ndi kompyuta.

"Bwezani pamenepo," anatero.

Anabweza kanayi. Kachisanu Mayi Hanifa anawagwira dzanja n'kuwasonyeza batani lobwezera, kenako anatembenuka kudzasindikiza mapepala anga.